Mutu wa m'buku n'kuusandutsa makadi: mafunso ndi mayankho

Wophunzira amene akukonzekera mayeso a MSCE akhoza kuwerenga mutu umodzi wa m'buku katatu, n'kumamva kuti waudziwa, koma akatseka bukulo n'kufunsidwa funso losavuta, m'mutu mumangoti zii. Makadi a mafunso ndi mankhwala a vuto limeneli. Khadi lililonse limakhala ndi funso mbali imodzi ndipo yankho lalifupi limakhala kuseri. Kuti nkhaniyi isakhale ya m'malere, titenga mutu umodzi wa bayoloji umene tonse timaudziwa ndi thupi lomwe, mutu wa malungo, n'kuona mmene ungasandukire makadi.

Kodi khadi limaposa bwanji kungowerenga bukulo mobwerezabwereza?

Kuona chinthu n'kuchizindikira ndi kosiyana ndi kuchitulutsa nokha m'mutu. Mukamawerenga tsamba kachitatu, mawu onse amaoneka odziwika, ndipo mtima umakuuzani kuti mwatha. Koma m'chipinda cha mayeso mulibe tsamba lija. Muli funso ndi pepala losalembedwa. Khadi limakuikani pa malo omwewo tsiku ndi tsiku: funso lili apo, yankho labisala, mulifufuze nokha m'mutu.

Akatswiri awiri a ku America, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke, anayesa zimenezi ndipo anafalitsa zotsatira zake mu 2006. Gulu lina la ophunzira linawerenga nkhani yaifupi maulendo anayi. Gulu lina linaiwerenga ulendo umodzi, kenako maulendo atatu linalemba zimene likukumbukira popanda kuonera. Patatha mphindi zisanu, obwereza kuwerenga aja ndi amene anakhoza bwino. Koma patatha sabata imodzi zinthu zinatembenuka: odziyesa aja anakumbukira mfundo pafupifupi 61 pa 100 zilizonse, pamene obwereza kuwerenga anakumbukira pafupifupi 40. Chimene chimandikhudza pa kafukufukuyu n'chakuti obwereza kuwerenga ndi amene ankadzidalira kwambiri kuti adzakumbukira. Njira imene imakoma poichita si imene imakhalitsa.

Ndiye ndingoyamba kulemba makadi kuyambira pa chiganizo choyamba cha mutuwo?

Ayi, ndipo apa ndi pamene ambiri amaonongera ntchito yonse. Poyamba werengani mutu wonse cholembera chili pansi, mpaka muthe kuufotokoza mwachidule ndi pakamwa. Pa mutu wa malungo, muyenera kutha kunena kuti udzudzu umaluma munthu n'kumusiyira tizirombo, tizirombo timapita m'chiwindi, kenako m'maselo ofiira a magazi, maselowo amaphulika, munthu amadwala, ndipo udzudzu wina ukamuluma umatenga tizirombo n'kukapatsira wina. Ngati simungathe kunena zimenezi, nthawi ya makadi sinakwane. Pitani kwa aphunzitsi kapena kwa mnzanu amene wamvetsa. Khadi limasunga chimene mwamvetsa. Silingakuthandizeni kumvetsa chimene chakusokonezani.

Ulendo wachiwiri werengani ndi pensulo m'manja, ndipo ikani kachizindikiro pa mfundo zoyenera khadi. Ntchito imeneyi ili ngati kupeta: maso ali pa chimanga, mankhusu auluke. Chimene chimakuthandizani kusankha ndi timitu ting'onoting'ono ta m'kati mwa mutuwo, mawu olembedwa mokhuthala, zithunzi zokhala ndi mayina, mafunso a kumapeto kwa mutu, komanso mapepala a mayeso akale a MANEB ngati sukulu yanu ili nawo. Mfundo imene ikupezeka m'malo awiri mwa amenewa, ilembereni khadi mosakayika. Chiganizo chonena kuti malungo ndi vuto lalikulu m'mayiko otentha chisiyeni. Mukuchidziwa kale, ndipo khadi lake lingangokudyerani nthawi.

Mutu wa masamba khumi, kwa ine, suyenera kubala makadi opitirira 25 kapena 30. Mukaona kuti akukwana 80, dziwani kuti simukusankha, mukungokopera buku pa timapepala.

Funso labwino la pa khadi limakhala lotani?

Limafunsa chinthu chimodzi, ndipo lili ndi yankho limodzi loti mukatembenuza khadi mudziwe pomwepo kuti mwakhoza kapena mwalakwa.

Tiyeni titenge ndime imodzi. Tinene kuti buku likufotokoza kuti malungo amayambitsidwa ndi kachirombo ka selo imodzi kotchedwa pulasimodiyamu, kamene kamafalitsidwa ndi udzudzu waukazi wa mtundu wa anofelesi, ndipo waukaziwo umayamwa magazi chifukwa umafuna zakudya zokhwimitsira mazira ake. Wophunzira wofulumira amalemba khadi limodzi: kutsogolo "Malungo", kuseri ndime yonseyo. Limenelo si funso. Akaliona amakumbukira mawu awiri kapena atatu, n'kutembenuza, n'kunena kuti "eya, n'zomwezo", ndipo khadi limapita kwa odziwika pamene theka la ndimeyo sanalitchule n'komwe.

Ndime yomweyo ili ndi makadi anayi. Loyamba lifunse kuti: "Ndi kachirombo kanji kamene kamayambitsa malungo?" Kuseri: pulasimodiyamu. Lachiwiri: "Ndi udzudzu wa mtundu wanji umene umafalitsa malungo?" Kuseri: anofelesi waukazi. Lachitatu: "N'chifukwa chiyani ndi udzudzu waukazi wokha umene umayamwa magazi?" Kuseri: umafuna zakudya zokhwimitsira mazira. Lachinayi ndi limene ndimalikonda kuposa onse, chifukwa limagwira cholakwa chimene chafala kwambiri: "Pa malungo, choyambitsa n'chiyani ndipo chofalitsa n'chiyani?" Kuseri: choyambitsa ndi pulasimodiyamu, chofalitsa ndi udzudzu. Kunyumba tonse timati udzudzu umayambitsa malungo, ndipo palibe amatitsutsa. Pa pepala la mayeso yankho limenelo limatayitsa malikisi. Paliponse pamene mutu uli ndi zinthu ziwiri zimene anthu amazisokoneza, pamafunika khadi loziika pamodzi kuti muzizisiyanitsa.

Pali mafunso a mitundu iwiri amene muyenera kuwapewa. Woyamba ndi wa inde kapena ayi, monga "Kodi pulasimodiyamu amalowa m'chiwindi?" Ngakhale wosawerenga akhoza kulasa mwamwayi, ndipo funsolo lakupatsani kale mawu akuti chiwindi amene mumayenera kuwakumbukira nokha. Litembenuzeni: "Tizirombo tikangolowa m'magazi a munthu, timapita ku chiwalo chiti poyamba?" Wachiwiri ndi funso lotambalala, monga "N'chiyani chimachitika m'chiwindi?" Mukadzasakaniza makadi a mitu ingapo, funso limenelo lidzakhala ndi mayankho ambiri, chifukwa chiwindi chimapezekanso pa mutu wa kagayidwe ka chakudya. Funso lizidziimira palokha: "Tizirombo ta malungo timachita chiyani m'chiwindi?" Kuseri: timachulukana, kenako timatuluka kukalowa m'maselo ofiira.

Yankho lifupike mpaka pati?

Lifupike moti mungalinene ndi mpweya umodzi. Liwu limodzi, nambala, kapena chiganizo chimodzi. Likapitirira mizere iwiri, liyang'aneni bwino. Kawirikawiri muli mafunso awiri amene abisala m'khadi limodzi.

Koma kufupika kusadye chifukwa. Funso lakuti "N'chifukwa chiyani wodwala malungo amachepa magazi?" yankho lake silingakhale "tizirombo" basi. Likhale lakuti: tizirombo timachulukana m'maselo ofiira n'kuwaphulitsa. Ndi chiganizo chimodzi, koma chanyamula chochititsa ndi chotsatira, ndipo ndi chimene woika malikisi amafuna.

Samalaninso ndi manambala. Buku likati maselo ofiira amaphulika pa maola 48 aliwonse, onani ngati likunena za mtundu uti wa pulasimodiyamu, chifukwa mtundu wofala kuno kwathu umatenga maola pafupifupi 48 pamene pali wina umene umatenga 72. Funso litchule mtunduwo. Mukamaliza kulemba khadi lililonse, liyerekezeni ndi buku musanaliike pa mulu. Khadi lolakwika ndi loipa kuposa kusakhala ndi khadi, pakuti mudzaloweza cholakwacho mwakhama, ndipo kuchichotsa m'mutu kumavuta.

Nanga mndandanda wautali, monga njira zopewera malungo, ndiuike pa khadi limodzi?

Apa pamafunika kuganiza pang'ono. Buku likhoza kundandalika njira zisanu ndi ziwiri kapena zisanu ndi zitatu. Mukaziika zonse pa khadi limodzi, tsiku lililonse mudzakumbukira zisanu n'kuiwala zina, ndipo simudzadziwa ngati khadilo mwalikhoza kapena ayi. Limakhala khadi lotopetsa, lobwerera tsiku ndi tsiku.

Fufuzani dongosolo limene labisala mu mndandandawo. Njira zopewera malungo zimalimbana ndi mdani pa malo atatu: m'madzi pamene udzudzu udakali mphutsi, mu mpweya pamene wakula, ndi m'thupi la munthu pamene kachirombo kalowa kale. Ndiye makadi akhale atatu. "Tchulani njira ziwiri zolimbana ndi mphutsi za udzudzu": kukwirira zithaphwi, kuweta nsomba zodya mphutsi. "Tchulani njira ziwiri zodzitetezera ku udzudzu waukulu": kugona m'neti yonyikidwa m'mankhwala, kupopera mankhwala m'makoma a nyumba. "Tchulani njira yolimbana ndi kachirombo kamene kali kale m'thupi": kuyezetsa msanga ndi kumaliza mankhwala. Kenako onjezani lachinayi lofunsa magulu atatuwo. Tsopano ngakhale funso la mayeso litafuna njira zisanu, muli ndi poyambira: mumayenda kuchokera m'madzi, kupita mu mpweya, n'kufika m'thupi.

Ndipo pa njira iliyonse imene ili ndi chifukwa chake, lembani khadi la "bwanji". Mabuku ambiri amatchula kuthira mafuta pamwamba pa madzi oima. Funso: "Mafuta othiridwa pa madzi amapha bwanji mphutsi za udzudzu?" Kuseri: amatchinga pamwamba pa madzi, mphutsi zimalephera kupuma. Makadi a "bwanji" ndi "chifukwa chiyani" ndi ovuta kulemba, n'chifukwa chake ophunzira amadzaza mulu wawo ndi matanthauzo okha. Mukawerenga mulu wanu n'kupeza kuti onse akuyamba ndi "Kodi n'chiyani", bwererani ku buku.

Moyo wa kachiromboka umazungulira kuchokera kwa udzudzu kupita kwa munthu n'kubwerera. Zoterezi zingalowe pa makadi?

Zingalowe, ngati khadi lililonse likufunsa sitepe yotsatira. Tizirombo timalowa bwanji m'thupi? Kudzera m'malovu a udzudzu pamene ukuluma. Timapita kuti poyamba? Ku chiwindi. Tikachoka m'chiwindi timalowa kuti? M'maselo ofiira a magazi. N'chiyani chimabweretsa kuzizidwa ndi kutentha thupi? Kuphulika kwa maselo ofiira, kumene kumatulutsira tizirombo ndi zoipa zake m'magazi. Udzudzu ukayamwa magazi a wodwala, tizirombo timaberekana kuti? M'mimba mwa udzudzuwo. Kenako timapita kuti? Ku tiziwalo topanga malovu, kukadikira munthu wina.

Makadi asanu ndi limodzi amenewa ali ndi ngozi imodzi: mukhoza kuwakhoza onse koma osatha kulumikiza nkhani yonse. Choncho pakhale khadi limodzi losiyana ndi anzake, lonena kuti: "Jambulani ulendo wonse wa kachirombo ka malungo." Kuseri kwake jambulani chithunzi chaching'ono cha mivi. Mukalipeza khadi limeneli, musayankhe m'mutu. Tengani pepala, jambulani, kenako yerekezani. Zithunzi za m'buku zokhala ndi mayina muzichita nazo chimodzimodzi: kutsogolo chithunzi chokhala ndi muvi woloza chiwalo chimodzi popanda dzina, kuseri dzinalo.

Ndilembe m'Chichewa kapena m'Chingerezi?

Zitsanzo za pano zili m'Chichewa kuti timvane, koma mayeso a bayoloji mudzalemba m'Chingerezi, ndipo makadi anu akhale m'chinenero chimene mudzayankhire. Mayina a sayansi alembeni ndendende mmene alili m'buku, chilembo ndi chilembo, ndipo nthawi zina muziyankha polemba kuti dzanja lizolowere kalembedwe kake. Chichewa chili ndi malo ake: musanalembe khadi, dzifotokozereni mfundoyo m'Chichewa. Mukalephera, ndiye kuti mwangogwira mawu a Chingerezi popanda tanthauzo lake. Ngati kachiganizo ka Chichewa kakukuthandizani, kalembeni pansi pa yankho ndi zilembo zing'onozing'ono, osati kutsogolo kumene kangakuululireni yankho.

Makadi enieni ogula ndi odula. Ndingagwiritse ntchito chiyani?

Pepala la A4 mukalipinda pakati katatu limatulutsa zidutswa zisanu ndi zitatu, ndipo kukula kwake n'kokwanira. Mapepala anayi akwanira mutu wonse wa malungo. Vuto la pepala lopyapyala ndi lakuti inki imaonekera kuseri, ndipo diso limaba yankho musanaganize. Lembani yankho ndi pensulo, kapena dulani zikuto za makope akale ndi makatoni opyapyala osalembedwa m'kati. Pakona lembani nambala ya tsamba la buku, kuti khadi likakukayikitsani musavutike kufufuza. Mangani mulu ndi kamphira n'kuusunga m'jumbo, makamaka nthawi ya dzinja.

Amene ali ndi foni yamakono akhoza kugwiritsa ntchito pulogalamu monga Anki, imene imawerengera yokha tsiku loti khadi libwerenso. Malamulo a funso labwino sasintha, kaya ndi pa foni kaya pa katoni.

Makadi ndalemba. Ndiziwagwiritsa ntchito bwanji kuti asangokhala m'chikwama?

Lamulo loyamba ndi lakuti musatembenuze khadi musanayankhe. Nenani yankho mokweza kapena lilembeni, kenako tembenuzani. "Ndimalidziwa, langondithawa" ndi kulakwa, ndipo khadilo muliwerengere kwa olakwa. Mukadzikomera mtima pamenepa, makadi asanduka buku lina longowerenga.

Lachiwiri ndi kupatula nthawi pakati. Katswiri wa ku Germany, Hermann Ebbinghaus, anasonyeza mu 1885 kuti zimene taphunzira zimaiwalika mofulumira kwambiri m'maola ndi masiku oyambirira, kenako kuiwalako kumachepa liwiro. Mu 1972 mtolankhani wina wolemba za sayansi, Sebastian Leitner, anafalitsa njira yosungira makadi m'bokosi la zipinda zingapo, kuti khadi lovuta lizibwera kawirikawiri ndipo losavuta lizibwera patalipatali. Mukhoza kuichita mophweka ndi maemvulopu atatu. Yoyamba mumaitsegula tsiku lililonse, yachiwiri pakapita masiku atatu, yachitatu kamodzi pa sabata. Makadi onse atsopano amayambira mu yoyamba. Khadi limene mwakhoza limakwera ku emvulopu yotsatira. Limene mwalakwa limabwerera ku yoyamba, ngakhale linali litafika kale ku yachitatu.

Tinene kuti Lolemba muli ndi makadi 28 a malungo, ndipo mwakhoza 17. Amenewo apita ku emvulopu yachiwiri ndipo mudzawaonanso Lachinayi. Lachiwiri mukhala ndi 11 okha, ntchito ya mphindi zosakwana khumi. Lachinayi, mwa 17 aja, mwina anayi adzakuthawani n'kubwerera ku yoyamba. Musakhumudwe nawo, emvulopu yagwira ntchito yake, yakuonetsani zimene zikanakuthawani pa mayeso.

Nthawi iliyonse sakanizani makadi musanayambe. Mukamawaona mu ndondomeko imodzimodzi, khadi la chiwindi limakukumbutsani la maselo ofiira, ndipo mumaloweza mzere m'malo mwa mfundo. Mukakhala ndi mitu ingapo, isakanizeninso, chifukwa pepala la mayeso silidzakuuzani kuti funso ili lachokera pa mutu uti.

Ndingadziwe bwanji kuti khadi lina silinalembedwe bwino?

Chizindikiro chachikulu ndi khadi limene labwerera ku emvulopu yoyamba kanayi kapena kasanu. Musamangolimbana nalo. Mwina lanyamula zinthu ziwiri, ndiye ligaweni. Mwina likusokonezana ndi lina lofanana nalo, monga la zimene zimachitika m'chiwindi ndi la zimene zimachitika m'maselo ofiira, ndiye lembani lina lozisiyanitsa. Mwinanso mfundoyo simunaimvetse kuyambira pachiyambi, ndipo nambala ya tsamba ili pakona ija ikubwezereni ku buku.

Chizindikiro china n'chobisika. Mumayankha musanamalize kuwerenga funso, chifukwa mwazindikira khadi lokhala ndi kakona kopindika kapena kadontho ka inki. Pofuna kudziyesa, patsani mnzanu makadiwo kuti akufunseni ndi mawu akeake. Ngati funso lomwelo likukuvutani likangosintha kavalidwe, ndiye kuti munaloweza khadi, osati malungo.

Bwanji osangobwereka makadi a mnzanga amene amakhoza bwino?

Abwerekeni kuti muone mafunso amene inu simunawaganizire, ndipo mufunsane. Koma anu lembani nokha. Posankha mfundo, poigawa, ndi poifupikitsa kukhala chiganizo chimodzi, ndi pamene mumaphunzira mutuwo mozama. Komanso makadi a mnzanu anadumpha zimene iye ankadziwa kale, zomwe mwina ndi zimene inu mukuzisowa.

Kodi makadi okha angandikhozetse mayeso?

Ayi. Makadi amagwira bwino mayina, manambala, masitepe ndi zifukwa zazifupi. Koma funso likhoza kukupatsani tebulo la chiwerengero cha odwala malungo mwezi ndi mwezi, n'kufunsa chifukwa chake chikukwera nyengo ya mvula. Mfundo zofunika zili pa makadi anu: zithaphwi zimachuluka, udzudzu umaikira mazira m'madzi oima, udzudzu ukachuluka anthu olumidwa amachuluka. Koma kuwerenga tebulo, kusankha mfundo zoyenera ndi kuzilumikiza kukhala ndime yomveka ndi luso lina, ndipo limabwera polemba mayankho athunthu. Chimodzimodzi mayeso a zochitachita a mu labotale: khadi silingakuphunzitseni kugwira chida kapena kujambula chimene mukuona.

Choncho makadi ambiri a mutuwo akafika ku emvulopu yachitatu, tengani funso lalitali la m'pepala lakale, tsekani buku ndi makadi omwe, dziikireni nthawi, ndipo lembani yankho lonse. Mukamalichonga, onani mfundo imene inasowa. Ngati inali pa khadi, khadilo libwerere ku emvulopu yoyamba. Ngati inalibe khadi, ilembereni latsopano tsiku lomwelo.